Tsamba Limodzi Likwana Liti? Za Lini Kanivasi ndi Geni ya Nsinjiro

Mwana wotsiriza Folomu 4 akanena kuti afuna kuyamba geni, akuluakulu ophunzira amamuyankha ndi mau amodzi: "Yamba walemba pulani." Malangizoŵa ngabwino ndithu, koma kaŵirikaŵiri wolangizayo sanena kuti pulaniyo ikhale yotani. Tsono mwana uja amaganiza za chibuku cha masamba 30, chokhala ndi mau oyamba, mbiri ya mwini wake, masomphenya, ndi ziŵerengero za phindu la zaka zisanu zam'tsogolo. Ena amagwa nazo ulesi, geni nkufa isanabadwe. Ena amapita kwa otayipa m'tauni, nalipira ndalama, natuluka ndi pulani imene inalembedwera munthu wina, dzina lokha litasinthidwa. Ine ndifuna kunena m'danga lino kuti kwa ambiri a ana athu a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 23, tsamba limodzi likwana poyamba. Koma ndifunanso kuloza pamene mphamvu ya tsambalo ithera, pakuti amene amalitama saakonda kutchula malire ake.

Tsamba limene ndikunenali litchedwa lini kanivasi. Analikonza ndi Ash Maurya, wamalonda a zamakompyuta wa mumzinda wa Austin ku Amereka, m'chaka cha 2010. Iye sanayambe yekha ayi. Anatengera pa tsamba lina la zigawo zisanu ndi zinayi limene Alexander Osterwalder wa ku Switzerland analitchukitsa pamodzi ndi mphunzitsi wake Yves Pigneur. Tsamba la Osterwalder limafotokoza bwino kampani imene ilipo kale: ogwirizana nayo, ntchito zake zazikulu, chuma chake, ndi ubale wake ndi ogula. Maurya anaona kuti munthu woyamba kumene alibe zonsezo. Choncho anachotsa zigawo zinayizo naikapo zina zinayi zoyenera munthu amene sanagulitsepo kanthu: vuto, yankho lake, zizindikiro zoyezera, ndi mwaŵi umene ena sangaulande.

Kalembedwe kake nkosavuta, ndipo sikalira kompyuta. Tengani pepala la pakati pa kope, muligoneke chopingasa. Kumtunda mugaŵe mizati isanu. Wachiŵiri ndi wachinayi muidule pakati. Kumunsi musiye mpata umodzi wautali, muugaŵe paŵiri. Mwapeza zipinda zisanu ndi zinayi. Kumanzere kwenikweni mulembe vuto, kumanja kwenikweni mulembe anthu amene ali ndi vutolo, ndipo pakati mulembe lonjezo lanu kwa iwo. Mzati wachiŵiri usunge yankho ndi zizindikiro zoyezera, wachinayi usunge mwaŵi wanu ndi njira zofikira ogula. Zipinda ziŵiri zam'munsi nza ndalama, zotuluka kumanzere ndi zoloŵa kumanja. Kuchepa kwa malo ndiko mankhwala ake. Munthu amene wapatsidwa chipinda cha mizere itatu alibe poti nkubisala. Ngati sadziŵa amene adzagula katundu wake, kusadziŵako kumaonekera poyera, pamene m'chibuku cha masamba 30 akadakukwirira ndi Chingerezi chozama.

Zinthu zotere zimamveka bwino pa chitsanzo. Tiyerekeze mtsikana wa ku Area 25 amene wangolandira zotsatira za mayeso, ndipo ali ndi K40,000 imene anasunga pa maganyu. Pafupi ndi kwawo pali msika wa Mgona, kufupi ndi Kanengo, umene udziŵika ndi malonda a mtedza wochokera m'maboma a m'chigawo chapakati. Maganizo ake ndi akuti azigula mtedza kumeneko, azisinja nsinjiro, nazigulitsa m'timapepala tapulasitiki. Mitengo imene nditchule pano njongoyerekeza, yoti tiŵerengere masamu. Woŵerenga aikepo ya pamsika wa kwawo ya tsiku limene aŵerenga nkhani ino.

Chipinda choyamba kuchidzaza ndi cha ogula, ndipo mpamene ana ambiri amaphonya. Amalemba kuti, "Aliyense, pakuti aliyense amadya ndiwo zotendera." Mau akuti aliyense ndi chizindikiro chakuti wolembayo sanaganize. Agogo amene ali ndi mtondo pakhomo, nthaŵi ali nayo, ndiponso abale akumudzi amawatumizira mtedza, sadzagula nsinjiro za m'pepala. Mai amene amagula nsinjiro za supuni ziŵiri pamsika madzulo aliwonse, pamodzi ndi mpiru ndi tomato, ali naye kale womugulitsa, amene mwina amamupatsanso pangongole. Otsala ndi yani? Mwina ndi amai apantchito, anamwino, aphunzitsi ndi ogwira m'mafakitale a ku Kanengo, amene amafika kunyumba dzuŵa litaloŵa, amakhala m'nyumba za lendi zopanda mtondo, ndipo ali ndi mwana wamng'ono wofuna phala lotendera m'maŵa. Mtsikana wathu akalemba zimenezi, wapeza anthu oti angathe kuwaŵerenga ndi kuwagogodera pakhomo.

Kenaka abwere ku vuto, ndipo pansi pake alembe mmene anthuwo akulithetsera lero iye kulibe. Mzere umenewu ndimauyesa wofunika kuposa ina yonse ya patsambali, chifukwa palibe munthu amene wakhala manja lende kudikira geni yanu. Amai aja nsinjiro akuzipeza kale. Tsono vuto lawo nchiyani? Apa mtsikanayu asalote ali pampando. Atenge tsamba lakelo, apite kwa amai khumi kapena khumi ndi asanu, osati kukawafunsa kuti, "Kodi mungagule nsinjiro zanga?" pakuti ife Amalaŵi ndife aulemu, ndipo mnansi sangakane mwana wa mnzake pamaso, onse adzati inde, koma tsiku logula adzati maŵa. Awafunse zimene zinachitika kale: "Munagula liti nsinjiro komaliza? Kwa yani? Pamtengo wanji? Chinakuipirani nchiyani?" Mwina adzamva kuti nsinjiro za pamsika nthaŵi zina zimaŵaŵa, kuti zimakhala ndi mchenga, kuti zimakhala padzuŵa ndi pafumbi tsiku lonse, ndi kuti wogula sadziŵa mtedza umene unasinjidwa. Mwinanso adzamva kuti palibe chodandaula chilichonse. Yankho lachiŵirili ndi loŵaŵa, koma lapulumutsa K40,000 yake, ndipo langomudyera pepala limodzi ndi masiku atatu. Safunsa anadya phula.

Tinene kuti wamva madandaulo. Pamenepo lonjezo lake la pakati pa tsamba likhale la mau ochepa oti mai wotopa angamve ataima pakhomo: nsinjiro za mtedza wosankhidwa umodziumodzi, zosinja sabata yomweyo, zotsekedwa bwino. Lonjezo limeneli lili ndi maziko enieni. Mtedza wofota, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo kapena wosungidwa ponyoŵa umagwidwa chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiŵindi ndipo angathe kuyambitsa khansa. Chizoloŵezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afeŵe posenda chimakulitsa vutoli. Ndipo tonse tidziŵa kuti mtedza umene wakanika kugulika uli wathunthu ndiwo umathera mumtondo, poti ukasinjidwa maonekedwe ake oipa amabisika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mtsikanayu asamale lilime: kusankha kumachepetsa poizoniyu, sikumuchotseratu, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumupha. Alonjeze kuti wasankha, chimene wachitadi. Asalonjeze kuti mulibe poizoni, chimene ndi akatswiri oyeza okha angachinene.

Tsopano zipinda ziŵiri zam'munsi. Agula makilogalamu 10 a mtedza wosenda pa K3,000 kilogalamu imodzi, yapita K30,000. Ulendo wa ku Mgona ndi kubwerera wadya K2,000, timapepala K1,000, ndipo womuthandiza kusinja ndi kusefa walandira K2,000. Zonse pamodzi ndi K35,000. Posankha wataya kilogalamu imodzi, ndipo ichi ambiri amachiiŵala: lonjezo lake lija lili ndi mtengo, ndipo mtengowo ndi mtedza umene autaya pamene anzake apamsika akuusinja. Pa makilogalamu 9 otsala atulutsa timapepala 90 ta magalamu 100. Akagulitsa kamodzi pa K500 apeza K45,000, ndipo phindu lake ndi K10,000. Akapereka kwa a maokala kuti amugulitsire, iwo nadyapo K50 pa kapepala, apeza K40,500, phindu latsika kufika pa K5,500. Masamu ameneŵa amuuza kanthu kokhudza chipinda cha njira zofikira ogula: miyendo yake ndiyo phindu lake. Ayende yekha kumakomo, kuzipata za sukulu pamene aphunzitsi akuŵeruka, ndi kumisonkhano ya amai a banki m'khonde, kufikira atadziŵika.

Pa zizindikiro zoyezera ndimalangiza ziŵiri zokha. Choyamba, mwa amai amene anagula sabata yatha, ndi angati amene agulanso sabata ino osakakamizidwa? Kugula koyamba kungakhale chifundo. Kugula kwachitatu ndiko malonda. Chachiŵiri, ndi timapepala tingati timene tatsala pakutha pa sabata? Nsinjiro zili ndi mafuta, ndipo zikakhalitsa zimaumbika ndi kusintha fungo. Kapepala kotsala si katundu wosungika monga sopo, ndi ndalama yotayika. Mwa timapepala 90 tija, toyamba 70 timangobweza mpamba. Phindu lonse lili m'timapepala 20 totsiriza. Ngati 20 tatsala, mtsikanayu wagwira ntchito ya sabata yathunthu kwaulere, ngakhale anthu omuona akuyenda ndi beseni lake adzati geni ikuyenda.

Chipinda cha mwaŵi umene ena sangaulande achisiye chopanda kanthu. Ana amakonda kulembamo kuti "ndine wolimbikira" kapena "katundu wanga ndi wabwino". Zimenezo si mwaŵi, pakuti mnzake wa nyumba yachitatu angathe kulimbikiranso ndi kusankha mtedza maŵa lomwe. Ngati amalume ake amalima mtedza ku Mchinji ndipo angamugulitse wouma bwino pamtengo wa kumunda, pamenepo alembe. Ngati palibe chotere, asaname. Aphunzitsi anzanga amene mwayamba kuphunzitsa tsambali, musalichonge monga mayeso a jogalafe kuti chipinda chosalembedwa ndi ziro. Mwana amene wasiya chipinda chifukwa sadziŵa yankho wapambana amene wadzaza zonse ndi mau okongola. Ndipo alembe ndi pensulo, chifukwa tsambali si pangano. Ndi mndandanda wa zinthu zimene akuganiza kuti nzoona, zimene msika udzazivomereza kapena kuzikana. Lolembedwa Lolemba liyenera kukhala litafufutidwa kangapo pofika Loŵeruka.

Kufikira pano, ndinena mosaopa kuti tsamba limodzi lakwana, ndipo pulani yaikulu ikadakhala kutaya nthaŵi. Chifukwa chake nchakuti chimene mtsikanayu sakudziŵa ndi chimodzi: kodi alipo anthu ogula, ndipo adzabweranso? Funso limenelo siliyankhidwa ndi kulemba, liyankhidwa ndi kugulitsa. Ndalama imene waika nja iye mwini, ndipo itatayika adzalira koma palibe adzamulanda ndoŵa ndi mapoto a amai ake. Ndiponso ndalama yake imazungulira msanga: agula Lolemba, asinja Lachiŵiri, pofika Loŵeruka yabwerera m'thumba. Pamene kugula ndi kugulitsa zayandikana chotere, zipinda ziŵiri zam'munsi zija zimanena zoona zonse.

Onjezani apo kuti ziŵerengero za zaka zisanu nzovuta kuzikhulupirira m'dziko lathu lino. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Munthu amene mu Okutobala 2023 analemba mtengo wa makina, wa mabotolo ndi wa mafuta a galimoto wa zaka zisanu zam'tsogolo anapeza kuti mwezi wotsatira chibuku chake chasanduka nthano. Tsamba limodzi amalilembanso madzulo amodzi. Chibuku chomangidwa bwino mwini wake amachita nacho manyazi kuchikhudza.

Koma tsono tiyeni timutsatire mtsikanayu patapita chaka. Ogula ake achuluka, ndipo ena ayamba kumufunsa chiponde. Iye aganiza zogula makina operera, kuika chiponde m'mabotolo okhala ndi dzina lake, ndi kuperekera kumasitolo. Atenganso pepala, nalemba lini kanivasi yatsopano, ndipo ioneka yokoma kuposa yoyamba. Pamwezi adzagula mtedza wa K400,000, umene atausankha, kuukazinga ndi kuuchotsa khungu udzapereka mabotolo 250. Mabotolo opanda kanthu ndi mapepala omatapo adzadya K100,000. Magetsi, lendi, mchere ndi maulendo K100,000 inanso. Zotuluka ndi K600,000. Akagulitsa botolo pa K3,600, zoloŵa ndi K900,000. Phindu ndi K300,000 pamwezi. Afuna ngongole ya K2,000,000, imene azibweza K220,000 mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Patsamba, phindu likuposa chobweza ndi K80,000, ndipo palibe chipinda chimene chikumuchenjeza.

Tiyeni tiŵerenge masamu omwewo motsata masiku. Walandira K2,000,000. Makina ndi kuwalumikiza kumagetsi zadya K1,300,000, yatsala K700,000. Zofunika za mwezi woyamba zadya K600,000, yatsala K100,000. Wapereka mabotolo onse kumasitolo, koma a sitolo, monga mwa chizoloŵezi cha ambiri a iwo, anena kuti adzalipira pakapita mwezi, kapena katundu akatha. Mwezi watha, wobwereketsa afuna K220,000 yake, ndipo m'thumba muli K100,000. Pamwamba pa apo afunika K600,000 ina yogulira mtedza ndi mabotolo a mwezi wachiŵiri, apo ayi makina agona ndipo malo ake pashelefu atengedwa ndi wina. Yapereŵera K720,000, m'geni imene ikupindula, imene ogula akuikonda, imene tsamba lake lilibe bodza ngakhale limodzi. Apa mpamene ambiri amathamangira ku katapila, ndipo mathero ake tiwadziŵa.

Cholakwa si cha mtsikanayu, ndipo si masamu ake. Lini kanivasi ilibe kalendala. Imanena kuti ndalama zidzaloŵa zingati ndi kutuluka zingati, koma sinena tsiku. Ili ngati chithunzi cha munthu ataima: mungaone kutalika kwake, koma simungadziŵe ngati amatsimphina. Pa geni ya nsinjiro kusoŵa kwa kalendala kunalibe kanthu, poti zonse zinkachitika m'sabata imodzi. Ngongole ikaloŵa, kapena kugulitsa kwa pangongole, masiku amasanduka mwini nkhani.

Nyengo nayo imachita chimodzimodzi. Mtedza umatsika mtengo pokolola, kuyambira cha mu Epulo kufikira mu Julayi, ndipo umakwera mvula ikayamba, pamene wina wapita ku mbewu ndipo wotsala wachepa. Bwererani ku nsinjiro zija: mtedza ukakwera kuchoka pa K3,000 kufika pa K4,000, zotuluka zikhala K45,000, ndendende ndi zoloŵa, phindu lathera pomwepo. Wansinjiro angathe kukweza mtengo, kuchepetsa kapepala, kapena kupuma miyezi iŵiri nkumagulitsa zina; palibe womulondola. Wachiponde sangapume, pakuti chobweza sichidziŵa kuti ndi Febuluwale. Ayenera kusankha: kugula mtedza wambiri mu Juni ndi kuusunga, chimene chifuna ndalama zambiri nthaŵi imodzi, malo ouma ndi matumba oikidwa pamathandala kuti chuku chisaloŵe, kapena kugula mwezi ndi mwezi ndi kuvomera kuti miyezi ina adzagulitsa moluza. Chisankho chimenechi sichikwana m'chipinda cha mizere itatu.

Palinso malamulo. Chakudya cha m'botolo chopita kumashelefu a masitolo chiyenera kuyezedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972. Ndipo pa chiponde, afulatokisini uja ndi chimodzi mwa zimene amayang'ana. Malo opangira ayenera kukhala oyenera, dzina la geni liyenera kulembetsedwa, ndipo khonsolo ya mzinda ili ndi chiphaso chake. Chilichonse mwa izi chimadya ndalama ndi masabata, ndipo masabatawo chobweza chikuŵerengedwa. Kumbukirani kuti zigawo zimene Maurya anachotsa zinali za ogwirizana nawo, ntchito zazikulu ndi chuma chogwirira ntchito. Kwa wolemba mapulogalamu a kompyuta ku Amereka zimenezo zingadikire. Kwa munthu amene makina ake amaima magetsi akazima, ndipo kachitsulo kake kakathyoka kayenera kuitanitsidwa kunja, zimenezo ndiye moyo wa geni.

Ichi chitifikitsa pa mfundo imene otama tsambali amaidumpha. Lini kanivasi inabadwira kumene woyamba geni amafuna anthu oikamo ndalama pogula gawo la kampani. Anthu oterowo amadziŵa kuti zambiri zimene aikamo ndalama zidzafa, ndipo amadikira imodzi imene idzakule kwambiri nkubweza zonse; choncho chimene afuna kuona ndi ganizo, ogula ndi liŵiro. Kuno kwathu woyamba geni amakumana ndi wobwereketsa, kaya ndi banki, kaya ndi bungwe la ngongole la boma monga lija linatchedwa MARDEF mu 2005 ndi NEEF mu 2020, kaya ndi anzake a banki m'khonde. Wobwereketsa sadya nawo phindu likachuluka. Chimene afuna ndi ndalama yake pa tsiku lake. Funso lake si lakuti ganizo lanu nlokongola bwanji, koma lakuti pa 30 Sepitembala ndalama yobweza idzachokera kuti, ndipo ikapanda kupezeka agwira chiyani. Akakufunsani pulani yathunthu sindiye kuti akukuzunzani. Akufunsa funso limene tsamba limodzi silinapangidwire kuyankha. Wina angati, nanga bwanji mabanki m'khonde amabwereketsa popanda pepala lililonse? Nzoona, koma kumeneko chikole ndi nkhope yanu ndi mtendere wa pamudzi, ndipo kusafunsidwa pulani sikuchotsa K720,000 yopereŵera ija.

Chimodzimodzinso pamene anthu aŵiri kapena atatu asonkha ndalama. Tsambali lilibe chipinda chonena kuti wasonkha zingati ndani, asunga ndalama ndani, amene agwira ntchito tsiku lonse alandira chiyani phindu lisanagaŵidwe, ndipo wina akafuna kuchoka atenga chiyani. Achinyamata amati, "Ndife abwenzi, tidzamvana." Amamvanadi pamene m'bokosi mulibe kanthu. Zimenezi zilembedwe padera, onse asaine, pakhale ndi mboni yaikulu msinkhu.

Tsono mtsikana wachiponde alembe chibuku chija cha masamba 30? Wobwereketsa akapereka fomu yake, adzaze monga afunira. Koma pa ubwino wa iye mwini, chimene afunika kuonjezera pa tsamba lake ndi chochepa, ndipo mtima wake ndi pepala limodzi lina: miyezi khumi ndi iŵiri yolembedwa chopingasa, ndipo pansi pa mwezi uliwonse mizere inayi, ya ndalama imene ali nayo poyamba, imene idzaloŵadi m'manja mwezi umenewo, imene idzatulukadi, ndi yotsala, imene ipita pamwamba pa mwezi wotsatira. Mau akuti "idzaloŵadi" ndiwo mfungulo: mabotolo operekedwa mu Ogasiti amene adzalipidwa mu Sepitembala alembedwe mu Sepitembala. Mtengo wa mtedza usakhale umodzi chaka chonse. Wa Juni ukhale wa Juni, wa Januwale ukhale wa Januwale. Akatsiriza, ayang'ane mwezi umene yotsala yatsika koposa. Ngati yapita kunsi kwa ziro, pamenepo mpamene geni idzafere, ndipo waona imfayo ikadali papepala.

Ataiona angathe kuizemba m'njira zingapo, ndipo zonse zimaoneka pa pepala lomwelo. Angathe kupempha kuti kubweza kuyambe pakapita miyezi iŵiri. Angathe kugulitsa theka la mabotolo kwa amai ake akale a nsinjiro, amene amalipira pompo, ndi kupereka kumasitolo theka lokha. Angathenso kuchedwetsa kugula makina, nayamba wapereketsa mtedza wake kwa wina amene ali nawo kale, kulipira pa kilogalamu, kufikira atatsimikiza kuti mabotolo 250 amathadi pamwezi. Njira yotsirizayi ndiyo ndingaisankhe ine, chifukwa imamubwezera kumene tsamba limodzi likwananso: ndalama yochepa, yake yomwe, yozungulira msanga. Chiŵerengero cha 250 chija chinali chongoganizira, monga momwe 90 chinalili chaka chatha. Akachiyesa miyezi itatu, nalemba m'kope mabotolo amene anapereka, amene anagulidwa, ndi masiku amene sitolo iliyonse inatenga kuti ilipire, adzapita kwa wobwereketsa ndi ziŵerengero zochokera m'kope lakelo, ndipo mwina adzapeza kuti ngongole imene afunika si K2,000,000 koma K2,720,000, kapena kuti makinawo angathe kudikira kufikira mtedza wa chaka chamaŵa utakololedwa.